Kuchoka pa kuyenda mpaka kuthamanga m'masabata 8

Kukamacha m'mbali mwa msewu wa Chipembere ku Blantyre mumadzaza anthu othamanga, ena a iwo pofuna kuphwetsa mimba. Chimene chimagwetsa ulesi oyamba kumene kawirikawiri ndi kupweteka kwa msongolo. Mtima ndi mapapo zimazolowera ntchito msanga, koma mafupa ndi minyewa ya m'miyendo zimachedwa, ndiye munthu akayamba ndi liwiro tsiku loyamba lomwelo miyendo imakana. N'chifukwa chake masabata awiri oyamba ndi oyenda basi: ndawala ya mphindi 20 mpaka 30, masiku anayi pa sabata.

Sabata yachitatu ndi yachinayi kuthamanga kumalowa pang'ono. Munthu amayamba wayenda mphindi 5 kuti thupi litenthe, kenako amathamanga mphindi imodzi n'kuyenda ziwiri, kubwereza kasanu ndi katatu. Masiku atatu pa sabata ndi okwanira, ndipo pakati pake pazikhala tsiku lopuma. Sabata yachisanu amathamanga mphindi 3, yachisanu ndi chimodzi mphindi 5, yotsatira mphindi 8, kupumira pakati ndi kuyenda kwa mphindi ziwiri. Sabata yomaliza amayesa mphindi 20 osaima.

Liwiro loyenera limadziwika ndi pakamwa. Amene akutha kucheza ndi mnzake uku akuthamanga ali bwino, koma amene akungotulutsa liwu limodzilimodzi ali wefuwefu wapyola muyezo, achepetse. Kuphwanya kwa thupi kwa tsiku limodzi kapena awiri n'kwachizolowezi. Ululu wobaya pamalo amodzi a fupa, kapena womutsimphinitsa munthu, umafuna kupuma ndi kubwerera ku sabata yam'mbuyo. Kubwereza sabata si kulephera ayi. Bwalo la mpira la udzu limasamala mawondo kuposa phula, ndipo kulizungulira katatu ndi pafupifupi kilomita imodzi. Amene ali ndi BP, shuga kapena amamva kupweteka pachifuwa ayambe waonana ndi dokotala.

Nanga mafuta? Pothamanga, thupi limawotcha pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake pa kilomita. Munthu wa makilogalamu 80 akathamanga makilomita 3 wawotcha makalori ngati 240. Akatero katatu pa sabata kwa masabata 8 amafika pa 5,760, pomwe kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga pafupifupi 7,700. Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa ndi sikelo, makamaka ngati akabwera kothamanga amadzipepesa ndi botolo la chakumwa cha shuga, lomwe lokha limabweza theka la thukuta lonse lija.

Choncho mbale iyenera kuthandizana ndi miyendo: mitanda iwiri ya nsima m'malo mwa itatu, masamba ambiri, nyemba kapena usipa, ndi tiyi wa shuga wochepa. Kutsika ndi theka la kilogalamu pa sabata ndi mlingo wabwino. Popeza sikelo imasinthasintha ndi madzi a m'thupi, ndi bwino kumayezanso chiuno ndi tepi ya telala pamchombo, m'mawa asanadye, kamodzi pa sabata.