Potaziyamu wokwera pa pepala lokha

Zotsatira zabwera kuchokera ku labotale: potaziyamu ali pa 6.0 mmol/L, pomwe wa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 3.5 ndi 5.0. Nambala yotere imatha kuimitsa mtima. Koma wodwalayo ali gwa, impso zikugwira bwino ntchito, mtima ukugunda mwadongosolo. Kodi makina anama?

Ayi. Makinawa amayeza mchere wa m'magazi ndi timaelekitirodi tosankha, kalikonse ndi mchere wake. Ka sodiyamu nthawi zambiri kamakhala ndi galasi lapadera kunsonga. Ka potaziyamu kali ndi kachikopa kapulasitiki kothiridwa valinomayisini, mankhwala ochokera ku mabakiteriya a m'dothi, amene amagwira potaziyamu n'kusiya sodiyamu, ngakhale kuti sodiyamuyo ndiye wochuluka, pa 135 mpaka 145. Potaziyamu akamagwidwa pakachikopako pamabadwa mphamvu yamagetsi yochepa zedi. Akakwera kuchoka pa 4 kufika pa 6, mphamvuyo imasintha ndi mamilivoti 11 okha, ndipo makina amawasandutsa nambala. Chimene elekitirodi siifunsa n'chakuti potaziyamuyo wachokera kuti.

Bvuto lagona pamenepo. Pafupifupi potaziyamu yense wa m'thupi amakhala m'kati mwa maselo. M'maselo ofiira amafika cha m'ma 100 mmol/L, kuposa wa m'madzi a magazi nthawi zoposa 20. Maselowa akaphulika m'kabotolo, potaziyamu amatayikira m'madzimo pamodzi ndi hemogulobini. Galamu imodzi ya hemogulobini yotayika pa lita imakweza potaziyamu ndi 0.3 kapena chapompo, choncho magalamu 5 amawonjezera 1.5. Wodwala uja, amene m'thupi mwake muli 4.5, pa pepala waoneka ndi 6.0. Sodiyamu sasuntha kwenikweni, poti m'maselo ofiira ndi wochepa.

Zophulitsa maselo n'zazing'ono: singano yowonda kwambiri, kukoka sirinji mwamphamvu, kukankha magazi kudzera pa singano pothira m'kabotolo, kukhutchumula kabotolo m'malo mokatembenuza pang'onopang'ono. Magazi akapotedwa m'makina, madzi apamwamba amayenera kukhala achikasu. Akafiira, wa mu labotale amadziwiratu. Koma makina a pambali pa bedi oyeza magazi osapota, ambiri mwa iwo saona chilichonse, poti magaziwo ndi ofiira kale.

Ine ndimaopa kwambiri mbali inayo. Mwana wotsegula m'mimba ali ndi potaziyamu 3.0, wofunika kumuwonjezera. Mitsempha yake ndi yovuta kupeza, magazi atuluka movutikira, maselo aphulika, pepala likuti 4.5. Nambala yabwino chotere palibe amene amaikayikira.

Kuchotsera nambala pongoyerekeza si njira, chifukwa 0.3 uja amasiyana munthu ndi munthu. Magazi atengedwenso mosamala. Akabwerabe ofiira, mwina maselo akuphulikira m'thupi momwemo, monga zimachitikira pa malungo aakulu, ndipo pamenepo potaziyamu wokwerayo akhoza kukhala weniweni.