Njala ya 1949 sinabwere ndi dzuwa lokha

Mvula ya mu 1948 inayamba bwino m'boma la Blantyre, anthu n'kudzala. Chakumapeto kwa Disembala inadula, ndipo chimanga chinauma chisanamasule ku Lunzu, ku Lirangwe ndi madera ena. Chilala chinalipodi. Koma Megan Vaughan, katswiri wa mbiri yakale amene anacheza ndi anthu opulumuka njalayi n'kulemba buku mu 1987, anasonyeza kuti malamulo a boma la atsamunda ndiwo anasankha wodya ndi wogona ndi njala.

Zaka zochepa chilalacho chisanafike, boma linakhazikitsa bungwe loyang'anira malonda a chimanga. Bungweli linkagula chimanga kwa mlimi pamtengo wotsika n'kuchigulitsa modula, komanso linkaletsa amalonda wamba kuchinyamula kupita nacho boma lina. Mlimi si wopusa. Ambiri analeka kulima chimanga chogulitsa, moti dzuwa litang'amba, nkhokwe za bungwelo zinalibe chokwanira kudyetsa anthu.

Chakudya chitayamba kufika kuchokera kunja, kagawidwe kake kanali ndi tsankho. Ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani ankalandira phoso kuntchito. Ena anafunika kukhala ndi ndalama, pomwe boma linali litaletsa kufulula mowa pofuna kusunga chimanga, ndipo mowawo ndiwo unkapezetsa amayi ambiri kangachepe. Mayi wokwatiwa sankawerengedwa payekha, poti ati mwamuna wake amudyetsa. Ogawawo anaiwala kuti kuno n'kwa chikamwini: zinthu zitathina, abambo ambiri anapita kukasuma kwawo kapena ku Mozambique, ena osabwerera. Otsala pakhomo anali amayi, ana ndi nkhalamba, akudya mizu ndi zikhawo, miyendo ikutupa. Misasa yodyetserako ofooka inatsegulidwa kumayambiriro kwa 1950, anthu atafooka kale, ndipo thupi lofooka silichedwa kugonja ku malungo kapena kutsegula m'mimba.

Zoterezi zinaonekapo kale ku India, pansi pa ulamuliro womwewo wa Britain. Pa njala ya 1876 mpaka 1878, bwanamkubwa Lytton anakana kulowerera pa mitengo ya chakudya, ati msika udzikonza wokha. Njala ili mkati, tirigu woposa matani 300,000 anatumizidwa kunja m'chaka chimodzi. Amene ankakumba misewu ndi ngalande kuti apeze chithandizo ankapatsidwa chakudya chosakwana theka la kilogalamu patsiku, chimene sichingasunge munthu wogwira khasu ndi piki. Anthu oposa 5 miliyoni anafa.

Ku Nyasaland boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby linaloza chala alimi, kuti anachulukana komanso anataya chimanga n'kuthamangira fodya. Linalemba kuti anafa ndi njala ndi anthu pafupifupi 200, chiwerengero chimene akatswiri ambiri amati n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi maliro amene anachitika m'midzi.