Kachipewa ka ŵ kasatayike pokopera mawu

Mukakopera ndime ya Chinyanja ndi Chingelezi kuchokera mu PDF, yang'anani kaye chilembo ŵ. Mukasunga ndimeyo mu Notepad ngati ANSI, mawu a Chingelezi komanso ã ndi ç za Chipwitikizi zimakhala bwinobwino, ndiye mumaganiza kuti zonse zatheka. Koma mu ANSI mulibe ŵ, choncho "Malaŵi" amasanduka "Malawi". Posunga, sankhani UTF-8.

Kenako fufuzani ŵ ndi Ctrl+F, muyerekeze ndi tsamba loyambirira. Pomwe yasowa, mu Word lembani 0175 pamzere pakepake, dinani Alt+X, n'kuikopera m'malo mwake.

Zimitsaninso AutoCorrect, chifukwa imakonza mawu ngati a Chingelezi. Buku la ku Mozambique likalemba "cinthu", la ku Malaŵi "chinthu", musasinthe: ana aziona kalembedwe ka m'buku lawo.