Mwala wa pa chingwe: pamwamba 3 m/s, nanga pansi?

Mangani mwala wa 0.2 kg ku chingwe cha 0.9 m, muuzunguze chokwera ndi chotsika ngati gudumu la njinga. Mwala ukakhala pamwamba, kulemera kwake ndi kukoka kwa chingwe, T, zonse zimaloza pakati, choncho T + mg = mv²/r. Liwiro likamachepa, T nayo imachepa mpaka kufika pa 0, pomwe v² = gr. Tikatenga g = 10 m/s², liwiro lochepetsetsa ndi 3 m/s. Likachepera pamenepa, chingwe chimakhwefuka ndipo mwala umagwera mkati usanafike pamwamba.

Pansi, chingwe chimanyamula mwalawo kwinaku chikuukhotetsa kuti ukwerenso: T = mg + mv²/r. Apa m'pamene ambiri timataya malikisi, chifukwa timalembanso 3 m/s yomwe ija. Koma mwala watsika 1.8 m, ndipo potsika wawonjezera liwiro. Dzanja likangokhala malo amodzi, v² = 9 + 2 × 10 × 1.8 = 45, ndiye kuti pafupifupi 6.7 m/s. Motero T = 2 + 10 = 12 N, kuchulukitsa kulemera kwa mwalawo ka 6. Chingwe chopirira 10 N yokha chingaduke mwala usanafike n'komwe pansi.