Mmisiri abwere liti? Uthenga wopita kwa eni nyumba

Mmisiri wa mipope akafika pa nyumba ya lendi n'kupeza loko pa chitseko, anthu atatu amaluza. Iye wataya ndalama ya minibasi kapena ya kabaza pamodzi ndi theka la tsiku. Eni nyumba amayamba kuganiza kuti vutolo silinali lalikulu. Wochita lendi amabwerako ku ntchito madzulo n'kupeza madzi akadali kudontha. Kawirikawiri zonsezi zimayambira pa uthenga wa mawu ochepa wotumizidwa mothamanga: "Mpope wawonongeka, tumizani munthu."

Tiyerekeze kuti mayi wina akuchita lendi ku Area 25 mu mzinda wa Lilongwe, ndipo amagwira ntchito ku Old Town. Amanyamuka 6 koloko m'mawa, kubwerako dzuwa litalowa. Ana amakhala ali ku sukulu. Lolemba pa 9, mayiyu waona kuti paipi yolowetsa madzi mu thanki ya chimbudzi ikudontha. Eni nyumba amakhala ku Area 49, ndipo ali ndi pulambala wawo amene amamutuma mu nyumba zawo zonse. Eni nyumbawo amadziwa mmisiri ndi mtengo wake, koma sadziwa nthawi imene pakhomopo pamakhala munthu. Wodziwa zimenezi ndi mayi yekhayo, ndipo akapanda kunena, mmisiri adzabwera nthawi yomukomera iye mwini, monga Lachiwiri cha m'ma 10 koloko, pomwe pakhomo pali galu yekha.

Asanalembe kalikonse, mayiyu achite kaye zinthu ziwiri. Atchere ndowa ya malita 20 pamene pakudonthapo, aone nthawi imene yatenga kuti idzaze. Ngati yadzaza mu maola anayi, ndiye kuti pa tsiku pakutayika malita 120, ndipo pa masiku 30 ndi malita 3,600. Mawu akuti "pakudontha kwambiri" aliyense amawamva mosiyana, koma ndowa yodzaza pa maola anayi palibe angatsutse. Kenaka atseke mipopi yonse ya m'nyumba, akayang'ane mita. Ngati ikuyendabe, madzi akutayikawo akulowa mu bilu yake. Apa ndi pofunika kuzindikira kuti paipi ikaphulika madzi asanafike pa mita, imeneyo ndi nkhani yokawuza a bungwe la madzi. Ikawonongeka kuchokera pa mita kulowa m'nyumba, ndi ya pakhomo, ndipo ndiye yofunika kuwauza eni nyumba.

Akatero, uthenga wake ungakhale wotere:

"Mwadzuka bwanji bambo? Ndine wa nyumba ya kumbuyo ija ku Area 25. Paipi yolowetsa madzi mu thanki ya chimbudzi ikudontha kuyambira dzulo, ndowa ya malita 20 ikudzaza pa maola anayi. Ndakutumizirani chithunzi. Padakali pano tikumatseka madzi pa mita tikamachoka. Chonde titumizireni mmisiri. Pakati pa sabata pakhomo sipakhala munthu, koma Lachinayi pa 12 mchemwali wanga adzakhalapo kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 12 koloko masana. Loweruka pa 14 ndidzakhalapo ndekha kuyambira m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Mundiuze tsiku limene lingatheke, komanso dzina ndi nambala ya mmisiriyo kuti tidzamuzindikire. Zikomo kwambiri bambo."

Moni wa poyambapo asausiye, ngakhale mtima utawawa bwanji. Eni nyumba ndi munthu amene mudzaonana nayenso kumapeto kwa mwezi, ndipo uthenga wongoyamba ndi dandaulo amauwerenga ngati ndewu. Kudzitchula kuti ndi nyumba iti n'kofunikanso, pakuti wina ali ndi nyumba zisanu pa puloti imodzi ndipo nambala za anthu ake sanasunge zonse. Chithunzi nacho chimathandiza mmisiri kudziwiratu chokagula ku hadiweya, kuti asafike ndi sipanala yokha n'kunena kuti abweranso mawa.

Koma mtima wa uthengawu uli pa nthawi. Mayiyu sanalembe kuti "mawa" kapena "Loweruka likubwerali". Walemba tsiku ndi deti. Eni nyumba ena amatsegula WhatsApp pokhapokha akagula bandulo, ndiye uthenga wa Lolemba angauone Lachitatu. "Mawa" wa wolemba ndi "mawa" wa wowerenga akhala masiku awiri osiyana. Wapereka masiku awiri, chifukwa mmisiri ali ndi ntchito zinanso. Mukamupatsa tsiku limodzi lokha n'kupezeka kuti watanganidwa, nkhani yonse iyambirenso poyamba. Ndipo sanatchule ola limodzi ayi, wapereka mpata wa maola anayi kapena kuposerapo. Munthu woyenda pa minibasi, amene ayambe wadzera kogula zipangizo, sangalonjeze kuti 9 koloko yeniyeni adzakhala pa geti.

Ambiri, pofuna kuoneka ofatsa, amalemba kuti "nthawi ina iliyonse abwere". Ine ndimaona kuti mawu amenewa ndi amene amachedwetsa ntchito kuposa ena onse. Sanena zoona, chifukwa palibe amakhala pakhomo nthawi zonse, ndipo amachititsa eni nyumba kuganiza kuti palibe changu.

Pali chinthu china chimene anthu okhala m'madera momwe madzi amavutavuta amachidziwa bwino. Tsiku labwino si longoti pakhomo pali munthu, koma loti mu mpope mulinso madzi. Pulambala akamanga paipi madzi atasiya, sangayese ngati yagwira. Amanyamuka, madzi n'kubwera usiku, kudontha kuja n'kuyambiranso. Ngati kwanuko madzi amakonda kutuluka m'mawa, sankhani m'mawa ndipo nenani chifukwa chake mu uthengamo. N'chimodzimodzi ndi wokonza magetsi: soketi imayesedwa magetsi akuyaka.

Wotsala pakhomo akhale munthu wamkulu. Mwana wa zaka khumi angathe kutsegula geti, koma sangathe kuloza pomwe pali vuto, kukana mmisiri akafuna kuboola khoma, kapena kuona ngati ntchito yatha bwino. Komanso si bwino kumusiya yekha ndi mlendo m'nyumba. N'chifukwa chake mayiyu wafunsa dzina ndi nambala. Wina aliyense angagogode atanyamula chikwama cha zitsulo n'kunena kuti watumidwa ndi alandilodi, ndipo mchemwali wotsala pakhomoyo ayenera kukhala ndi njira yotsimikizira asanatsegule. Amuuziretu mchemwaliyo pomwe amatsekera madzi, ndipo galu amangiriridwe. Za kusiya kiyi pansi pa mwala kapena kwa aneba kuti mmisiri adzalowe yekha, ine sindilimbikitsa. Kanthu kakasowa m'nyumbamo, mlandu wake umagwera munthu amene mwina sanatenge n'komwe.

Nanga eni nyumba akangokhala chete? Uthenga ukaonetsa kachizindikiro kamodzi kokha, ndiye kuti sunafike pa foni yawo; imbani kapena tumizani meseji wamba. Mukagwirizana pa foni, lembaninso mwachidule: "Monga tagwirizana bambo, mmisiri abwera Loweruka pa 14 m'mawa." Ndipo akakuuzani kuti "pezani wanu, mudzachotsere pa lendi", apempheni akulembereni mawu amenewo pamodzi ndi ndalama imene avomereza, kenaka musunge malisiti a zipangizo. Kuchotsera pa lendi popanda chilolezo chotere ndi kumene kumabala mikangano ya kumapeto kwa mwezi.

Tsiku likagwirizanidwa, udindo wabwerera kwa wochita lendi. Maliro amagwa mosayembekezereka, abwana angakuitaneni ku ntchito Loweruka, mchemwali angadwale. Zikatero, musadikire kuti mmisiri akadzionere yekha loko. Muimbireni usiku womwewo kapena m'mamawa asanakwere minibasi, muwadziwitsenso eni nyumba, ndipo mu uthenga womwewo tchulani tsiku lina ndi deti yake.