Masilaidi atatu pa tsamba, tebulo palokha

Tsiku lina pa maphunziro a asungichuma a magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, ndinaona mayi wina atayandikitsa pepala pamphuno, kenako nkulitalikitsa, kenako nkupita nalo pawindo. Pamapeto anangolipinda nayamba kudzikupizira nalo. Papepalapo panali masilaidi 9, aliyense ngati kabokosi ka machesi, ndipo tebulo la chiwongoladzanja, lomwe anthu anabwerera, linkaoneka ngati nyerere zagwera mu shuga. Wokonza maphunzirowo anapulumutsadi mapepala, koma omwe anagawawo anapita pachabe.

Tiyerekeze kuti muli ndi masilaidi 36 mu PowerPoint, ndipo anthu obwera ndi 40. Mukasindikiza silaidi imodzi pa pepala, mbali imodzi yokha, mudya mapepala 1,440, pafupifupi malimu atatu, poti limu imodzi imakhala ndi mapepala 500. Tsopano pitani pa File, kenako Print. Pamene palembedwa Full Page Slides dinanipo, musankhe 3 Slides. Masilaidi amandandalikana kumanzere kwa tsamba, ndipo kumanja kwa iliyonse kumabwera mizere yolembapo. Masamba atsala 12. Onjezani Print on Both Sides, mutenge Flip pages on long edge kuti tsamba lakuseri lisatuluke chadodolido, ndipo munthu aliyense alandira mapepala 6. Gulu lonse ndi mapepala 240, osafika ngakhale theka la limu.

Ena amathamangira masilaidi 6 pa tsamba, poti pamenepo mapepala amatsika kufika 120. Kukula kwa silaidi sikusiyana kwenikweni ndi pa atatu paja. Chomwe mwataya ndi malo olembapo. Ngati anthu akungotenga pepalalo kukawerenga kunyumba, palibe vuto. Koma pa maphunziro, pomwe wina afuna kulemba chitsanzo chake pambali pa zomwe mukunena, ine ndimalolera kulipira mapepala 120 enawo.

Nkhani yeniyeni ili pa zilembo. Silaidi ya masiku ano, yotambalala ija, ndi masentimita pafupifupi 34 m'lifupi. Pa tsamba la A4 la masilaidi atatu imafinyidwa kufika masentimita 8 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye kuti chilichonse chachepa pafupifupi kanayi. Mutu womwe munalemba pa saizi 40 utuluka ngati saizi 10, wowerengeka bwino lomwe. Mawu a saizi 24 atuluka ngati 6: wa maso abwino awerenga, wa magalasi adandaula. Nanga manambala a m'tebulo, omwe ambirife timawapanikiza pa saizi 12 kuti akwane? Amatuluka ngati 3. Pakhoma, pulojekita ikawakuza, amaoneka aulemu. Papepala ndi fumbi. Choncho musanadine Print, tengani saizi ya tizilembo tating'ono kwambiri pa silaidi iliyonse, mugawe ndi 4. Yankho likatsika pansi pa 6, silaidi imeneyo siyenera kudalira tsamba la atatu.

Mankhwala ake si kukuza masilaidi onse. Nthawi zambiri ovuta amakhala awiri kapena atatu okha. Tinene kuti matebulo ali pa silaidi 14 ndi 27. Asiyeni momwe alili m'mapepala 6 aja kuti mizere yolembapo ikhalepo, kenako musindikizenso awiriwo paokha: m'bokosi la Slides lembani 14,27, mubwerere ku Full Page Slides, mbali zonse ziwiri. Popeza pano tsamba ndi lopingasa, sankhani Flip pages on short edge. Saizi 12 ija ituluka pafupi ndi 10. Munthu aliyense waonjezeredwa pepala limodzi, ndipo onse pamodzi ndi mapepala 280.

Mtundu nawo umasokoneza. Silaidi yabuluu woderapo yokhala ndi zilembo zoyera imamwa tona, ndipo tizilembo toyera timamira mu inki. Sankhani Grayscale kuti kumbuyo kuyere, zilembo zide, ngakhale kuti ngati kumbuyoko kuli chithunzi chimatha kukana kuchoka. Pure Black and White imasunga tona kuposa pamenepo, koma imafufuta zotuwirako. Ndipo mzere wofiira ndi wobiriwira, womwe pakompyuta umasiyana ngati usiku ndi usana, papepala umatha kutuluka wotuwa mofanana. Lembani dzina pambali pa mzere uliwonse.

Zomwe mukuona pakompyuta musazikhulupirire kwambiri, chifukwa dzanja limangokuza lokha chithunzi osazindikira. Sindikizani tsamba limodzi, lomwe lili ndi tizilembo tating'ono kwambiri. Ngati ena onse mukawachulukitsa pa fotokope, liyambe ladutsa pamakinawo, poti fotokope imadya timizere topyapyala. Kenako lipatseni munthu wamkulu pa ofesipo, aligwire monga agwirira nyuzipepala, akuwerengereni mokweza nambala ya pakona ya tebulo.