Nkhani Imodzi, Malonje Atatu

Kalaliki wina wa pa ofesi ku Lilongwe walandira uthenga Lachitatu madzulo kuti amalume ake amwalira kumudzi ku Ntcheu ndipo mwambo woika maliro uchitika Lachisanu. Asanakwere basi, pali anthu atatu oyenera kudziwa: bwana wake amene ampatse chilolezo, mnzake wa pa desiki yoyandikana amene amugwirire ntchito, ndi munthu wina wa ku kampani yogulitsa mapepala amene amayenera kukumana naye Lachisanu lomwelo, koma sanaonanepo maso ndi maso. Nkhani ndi imodzi. Chosintha ndi mawu oyambira ndi mawu otsirizira, ndipo pamenepo ndi pamene anthu ambiri amapunthwa.

Ambirife tinaphunzira kusukulu kuti makalata alipo a mitundu iwiri, yamchezo ndi yantchito, ndipo mayeso a MANEB amafunsa zimenezi mpaka lero. Yamchezo imakhala ndi keyala imodzi, imayamba ndi kufunsa za moyo, nimatha ndi "Ndine mwana wanu" kapena "Ndatha ine mnzako". Yantchito imakhala ndi makeyala awiri ndi mutu, ndipo sifunsa ngati ana ali bwino. Maphunzirowo ngabwino, kungoti moyo wa masiku ano uli pakati pa ziwirizi. Imelo ya kwa bwana amene mumadya naye chipisi masana si kalata yamchezo, komanso si yofunsira ntchito. Uthenga wa pa WhatsApp ulibe keyala, ulibe mutu. Chotsala chosonyeza ulemu ndi mzere woyamba ndi womaliza basi.

Tiyambe ndi bwana. Kalaliki uja angalembe motere: "Bwana, mwaswera bwanji? Pepani kukusokonezani nthawi ino. Ndalandira uthenga wa maliro a malume anga ku Ntcheu, ndipo ndimapempha chilolezo choti ndichoke mawa masana, ndidzabwerere ku ntchito Lolemba. Zikomo kwambiri." Pansi pake n'kuika dzina lake ndi chiwongo, ndipo ngati ofesi ndi yaikulu, awonjezere gawo limene amagwirako.

Taonani kuti moni alipo, koma ndi wamfupi, ndipo sakudikira yankho. Bwana safunsidwa za mayi kunyumba ndi za ana pokhapokha ngati mabanja anu amadziwana. Taonaninso mawu akuti "ndimapempha". M'Chichewa pempho limafewa ukalibweza m'mbuyo pang'ono chonchi, ngati kuti unayamba kale kuliganizira. "Ndikufuna kuchoka mawa" ndi kulengeza, osati kupempha. Ndipo "inu" ayenera kuyenda uthenga wonse. Cholakwika chimene chimaoneka kawirikawiri ndi kuyamba mwaulemu kwambiri n'kutsiriza mwachinyamata, monga kutsegula ndi "Olemekezeka Bwana" n'kutseka ndi "Shapu, tionana". Woweranga amamva ngati munthu wagwada polowa n'kumenyetsa chitseko potuluka. Mzere woyamba ukasankha msinkhu wa ulemu, womaliza aubweze pomwepo.

Mawu akuti "Olemekezeka" nawonso ali ndi eni ake. Ndi a aphungu a Nyumba ya Malamulo, nduna ndi ena a maudindo otero. Kuwapereka kwa kapitawo wa pa ofesi kumamveka ngati kunyengerera, mwinanso ngati chipongwe chobisa. Kuchulutsa ulemu n'kulakwitsa ndithu, ngakhale kuti kumakhululukidwa msanga kuposa kupereweza.

Nanga bwanayo akakhala wamkazi? Ambiri m'maofesi amangoti "Bwana" ndithu, ndipo sizidabwitsa munthu. Ena amati "Madamu", makamaka m'masukulu. "Dona" wa m'mabuku aja amamveka wachikale, ndipo ine sindingamulembe pa foni. Njira yosalakwika ndi "Mayi" kutsatana ndi dzina la bambo awo kapena la amuna awo, lomwe iwo eni amagwiritsa ntchito. Dzina loyamba lokha musaliyerekeze. M'maofesi ena, makamaka a mabungwe ochokera kunja, bwana amanena yekha kuti muzimutchula dzina loyamba, ndipo pa Chingerezi zimatheka. Koma uthenga ukakhala wa Chichewa, pakamwa pamakana. Ngakhale pamenepo timaikako "a" kutsogolo kwa dzinalo. Lamulo losalembedwa ndi lakuti wamkulu ndiye amatsitsa mpanda, wamng'ono sadzitsitsira. Bwana akayankha kuti "Pepa aise, pita bwino", si chilolezo choti nanunso mumutche aise. Mungafupikitse mawu anu, mungasiye kusaina maina onse, koma "inu" akhalebe.

Kwa mnzake wa pa ntchito, kalaliki uja amasuka: "Achimwene, bho? Kwathu kwagwa zovuta, malume atisiya. Ndinyamuka mawa masana. Mundigwirireko malisiti a Lachisanu aja, ndawasiya mu kabati ya m'munsi. Ndidzakubwezerani." Apa dzina pansi n'losafunika, chifukwa nambala yake ili kale mu foni ya mnzakeyo. Kusaina maina awiri ndi udindo kwa munthu amene mumagawana naye kapu ya tiyi kumaonetsa ngati mwakwiyitsana.

Koma onani kuti ngakhale apa walemba "mundigwirireko", osati "undigwirireko". Kufanana udindo pa ntchito sikutanthauza kufanana pa zonse. Anthu awiri angakhale makalaliki a giredi imodzi, wina wa zaka 26, wina wa zaka 55 ndi zidzukulu kunyumba. Pa pepala la malipiro ndi ofanana, koma wachinyamatayo sangalembe "iwe" kwa mnzakeyo. Alemba "Madala", "Akuluakulu" kapena chiwongo chawo, "a Phiri", "a Mwale", ndipo kwa mayi "Anaphiri" kapena "Anabanda" ngati amakonda kutchulidwa motero. "Iwe" ndi wa anthu amene munakulira limodzi, kapena amene munagwirizana kale, mwina mosanena, kuti mwafika pamenepo. Amuna akuluakulu ambiri amatha zaka makumi ali pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo koma akutchulanabe "inu". Izi sizisonyeza kutalikirana ayi.

Pali msampha wina pakati pa anthu ofanana, umene mabuku a kusukulu satichenjeza. "Wokondedwa" pa kalata ya pepala ndi mwambo chabe, palibe amene amaganiza zachikondi. Pa foni mawu omwewo amalemera mosiyana. Mwamuna akalembera mkazi wogwira naye ntchito kuti "Wokondedwa" usiku wa 9 koloko, n'kutsiriza ndi "Ndine wako", uthengawo ukhoza kuwerengedwa ndi mwamuna wa mayiyo, ndipo kufotokoza kuti umu ndi mmene tinaphunzirira ku Fomu 2 sikungathandize kwenikweni. "Achemwali" kapena "Mayi" amakwanira, ndipo amaika ubalewo pamalo oonekera kwa aliyense.

Mnzako akakwezedwa n'kukhala bwana wako, zinthu zimagawika pawiri. Pa imelo imene ena aikidwa pa Cc, mulembereni monga bwana. Pa uthenga wa awiriwiri Loweruka, za mpira wa Bullets ndi Wanderers, chinenero chakale chikhoza kupitirira, malinga ngati iye mwini akuchiyankha momwemo.

Wovuta kwambiri ndi wachitatu uja, munthu wosamudziwa. Kalaliki ali ndi nambala yokha ndi dzina la kampani. Sadziwa ngati ndi bambo kapena mayi, wamkulu kapena wamng'ono. Pa kalata ya pepala njira ilipo kale: amalembera udindo, monga "Mkulu wa Zamalonda", n'kutsegula ndi "Bwana", n'kutsiriza ndi "Ine wanu wokhulupirika", siginecha ndi dzina lolembedwa momveka pansi pake. Pa foni zotere zingaoneke zolemera. Angalembe kuti: "Mwadzuka bwanji? Ndine uje wa ku ofesi yakuti, amene timayenera kukumana Lachisanu 10 koloko pa nkhani ya mapepala. Pepani, ndagweredwa zovuta kumudzi. Kodi n'zotheka kuti tikumane Lachiwiri nthawi yomweyo? Zikomo." N'kubwerezanso dzina ndi ofesi pansi.

Chichewa chimatithandiza pano, chifukwa "mwadzuka bwanji" sasankha mwamuna kapena mkazi. Choncho palibe chifukwa cholotera. Kulemba "Bambo" chifukwa choona dzina lokha n'kuika pachiswe, popeza maina ngati Chikondi, Mphatso, Chisomo ndi Kondwani sanena zambiri, ndipo atatu oyambawo amapatsidwa kwa anyamata ndi atsikana omwe. Dikirani yankho, kapena mawu ake pa foni, kenako muyambe "Bambo" kapena "Mayi". Udindo ukadziwika, ndiwo utsogole: Abusa, Bambo Mfumu, Shehe, Adokotala, Aphunzitsi, Amfumu. Munthu amene anauvutikira udindo wake amazindikira msanga ukausiya.

Kwa mlendo, kudzitchula dzina kumabwera pamwamba, osati pansi pokha. Ndipo moni asayende yekha. Chizolowezi chotumiza "Muli bwanji?" kwa nambala yachilendo n'kukhala chete kudikira yankho chinachokera pa ulemu weniweni, uja wa pakhomo, woti sungayambe nkhani usanalonjeredwe. Koma pakhomo mwini nyumba amakuona nkhope. Pa foni amangoona manambala, ndipo popeza akuba a pa Airtel Money ndi Mpamba amayambanso ndi moni wokoma, ambiri moni wopanda dzina samuyankha. Moni, dzina, kumene mwatenga nambala ndi chimene mukufuna zikhale mu uthenga umodzi.

Mawu a chipembedzo potsiriza, monga "Ambuye akudalitseni", ndi okoma kwa wa mpingo wanu ndi kwa achibale. Kwa wosamudziwa, pa nkhani ya malonda kapena ya boma, ndi bwino kuwasunga kaye. Chimodzimodzi "Mundiyankhe msanga": kwa mnzako ndi zabwinobwino, kwa mlendo ndi lamulo. "Ndidzathokoza mukandiyankha lisanafike Lachisanu" amanena zomwezo, ndipo amaperekanso tsiku.

Kukambirana kukayamba kuyenda, malonje amachepa okha. Wa mapepala uja akayankha kuti Lachiwiri n'zotheka, kalaliki safunika kuyambanso ndi "Mwadzuka bwanji". "Zikomo kwambiri, tionana Lachiwiri" wakwana. Koma tsiku likasintha, moni amayambiranso. Lolemba m'mawa, pokumbutsa za msonkhanowo, afunse kaye mmene munthuyo wadzukira, ndipo ngati nambala yake mwina sinasungidwe, adzitchulenso dzina ndi ofesi mu mzere woyamba womwewo.